Simenti ikasintha, muyeso usinthenso

Ndaona ena mwabwera ndi fumbi la simenti m'nsidze, kusonyeza kuti mwachokera kuntchito osadzera kunyumba, choncho sindikusungani mpaka usiku.

Ndiyambe ndi zimene ndinaona ndili kapitawo wamng'ono pa nyumba ina yosanja kamodzi ku Lilongwe. Tinkathira silabu ya mamita 10 m'litali, 8 m'lifupi, yochindikala masentimita 15. Injiniya anatipatsa muyeso wa simenti ya 42.5N, ndipo tinayamba bwinobwino m'mawa. Pofika masana matumba anatha. Mwini nyumba anathamangira kumashopu nabwera ndi galimoto yodzaza matumba a 32.5N, akumwetulira, chifukwa anali atagula motchipa. Ndinamufunsa ngati waona nambala ya pathumba. Anandiyankha kuti, "Achimwene, simenti ndi simenti. Thirani tiweruke." Ine ndinali mwana pantchito, ndinathira. Ndowa za mchenga zomwezo, za miyala zomwezo, madzi omwewo. Patapita masiku 28 makyubu a m'mawa anakwana, a masana anaperewera kwambiri, ndipo theka la silabu linakhala mwezi wina wathunthu lili pamitengo, akuluakulu akukangana zoti aligumule kapena alilimbitse ndi zitsulo kunsi. Ndalama imene inapulumuka pa matumba aja inapita kangapo konse.

Nkhani yanga lero ndi silabu yomweyo. Tiiwerengera katatu: ndi simenti ya 32.5, ndi ya 42.5, kenako ndi ya 42.5 yothira mankhwala ofewetsa konkire.

Poyamba timvane za nambala imene ili pathumba, chifukwa ambiri timaimva molakwika. Nambala ija si mphamvu ya konkire yanu. Ku labu amatenga magalamu 450 a simenti, magalamu 1,350 a mchenga wapadera wosankhidwa bwino ndi magalamu 225 a madzi, n'kuumba timipiringidzo ta masentimita 4 ndi 4 ndi 16. Amatisunga m'madzi masiku 28 n'kutiphwanya pa makina. Simenti ya 32.5 ndi imene timipiringidzo take tapirira 32.5 MPa kapena kuposerapo, ya 42.5 chimodzimodzi, ndipo iliponso ya 52.5 imene sitiiona kawirikawiri m'mashopu athu. Onani kuti poyesapo madzi ndi theka lenileni la kulemera kwa simenti, mchenga ndi wotsuka, mulibe mwala, mulibe waganyu wotopa amene akuwonjezera chidebe cha madzi kuti fosholo ipepuke. Pamalo antchito zonsezi zimasintha. Mukhoza kuumba konkire ya 30 MPa ndi simenti ya 32.5, mukhozanso kuumba phala la 12 MPa ndi simenti ya 52.5.

Chilembo cha kumapeto chimanena za liwiro. N ndi yoyenda mwachizolowezi, R ndi yolimba msanga masiku oyamba. Ya 32.5N saiyesa n'komwe pa masiku 2. Amaidikira masiku 7, pomwe iyenera kufika 16 MPa. Ya 42.5N iyenera kufika 10 MPa pa masiku 2, ya 42.5R ifike 20. Amene mumachotsa matabwa msanga kuti mukakhome kwina, sungani manambala amenewa.

Pali china chimene chimadabwitsa anthu. Malire a magulu amenewa amalowerana. Simenti ya 32.5 imaloledwa kukhala paliponse kuyambira 32.5 mpaka 52.5. Ndiye kuti ya fakitale ina ikhoza kumatuluka 36, ya fakitale ina 45, zonse zitalembedwa nambala imodzi. Kusiyanaku kumachokera pa kuchuluka kwa kilinka, mwala wootcha umene ndi mtima wa simenti, ndi kusalala kwa kaperedwe kake. Thumba lolembedwa CEM I lili ndi kilinka 95 pa 100 kapena kuposerapo. Lolembedwa CEM II/B lili ndi kilinka pakati pa 65 ndi 79 pa 100, kotsalako ndi zinthu monga mwala wa laimu wopera kapena phulusa la malasha. Pakuti kuno timagula simenti ya m'dziko muno, ya ku Zambia, ya ku Tanzania, malinga ndi imene yapezeka sabata imeneyo, manambala onse amene ndikupatseni ndi poyambira chabe. Muyeso weniweni umatsimikizika ndi makyubu a simenti imene ili m'sitolo mwanu.

Tsopano lamulo lalikulu. M'chaka cha 1918 katswiri wina wa ku Chicago, Duff Abrams, atayesa konkire zambirimbiri, anasonyeza kuti konkire yotsinyidwa bwino mphamvu yake imatsata chinthu chimodzi: kuchuluka kwa madzi poyerekeza ndi simenti. Pamapepala a ainjiniya mudzaona alemba w/c. Ndi malita a madzi kugawa ndi makilogalamu a simenti. Malita 25 pa thumba la makilogalamu 50 ndi 0.50, malita 30 ndi 0.60. Simenti imamwa madzi ochepa kuti ilimbe, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake. Otsalawo timathira kuti konkire iyende, ndipo akauma amasiya timibowo tosaoneka ndi maso. Madzi akachuluka timibowo timachuluka, mphamvu imatsika. Simenti ya gulu lapamwamba ili ngati guluu wamphamvu: imapirira kusungunulidwa pang'ono koma n'kugwirabe mofanana. Phindu lake ndi limenelo basi.

Tiyeni pa silabu yathu. Mamita 10 kuchulukitsa ndi 8 kuchulukitsa ndi 0.15 zikutipatsa makyubiki mita 12. Injiniya akufuna 25 MPa. Sitilinga pa 25 penipeni, chifukwa mitanda ina imatuluka yofooka kuposa inzake. Timalinga cha m'ma 33 kuti ngakhale yofookayo idutse. Miyala ndi ya kwale ya mamilimita 19, mchenga ndi wa mumtsinje. Kuti konkire yotere iyende bwino pakati pa zitsulo imafuna madzi pafupifupi malita 200 pa kyubiki mita. Chonde gwirani ichi: madzi amenewa amawafuna ndi mchenga ndi miyala. Mukasintha gulu la simenti, malita 200 aja sasuntha kwenikweni. Chimasuntha ndi simenti yoti iperekeze madziwo.

Tinene kuti poyesa tapeza kuti simenti yathu ya 32.5 imafika 33 MPa pa w/c ya 0.50, pomwe ya 42.5 imafika pomwepo pa 0.60. Ndi manambala amene ndakumana nawo kawirikawiri. Kuwerengera kwake n'kwa pulayimale:

```
simenti = madzi / (w/c)
32.5:  200 / 0.50 = 400 kg
42.5:  200 / 0.60 = 333 kg
```

Makilogalamu 400 ndi matumba 8. Enawo tiwakweze akhale 335, omwe ndi matumba 6.7. Pa silabu yonse ndi matumba 96 a 32.5 kapena 81 a 42.5. Kusiyana kwa matumba 15.

Apa mpamene mungamuyankhe mwini nyumba amene akufuna yotchipa. Gawani 8 ndi 6.7, mupeza 1.19. Ngati thumba la 32.5 likugulidwa 100, la 42.5 limakupindulirani malinga ngati silinapitirire 119. Likapitirira, gulani ya 32.5 ndi mtima woyera, koma muigule yokwanira matumba 8 pa kyubiki mita. Vuto la ku Lilongwe lija silinali simenti yoipa. Tinaithira 6.7 pamene inafunika 8, ndi malita 30 pa thumba pamene inayenera kulandira 25.

Ambiri amalekera pomwepa, achotsa simenti n'kuona ngati atha. Koma kyubiki mita ndi malita 1,000, ndipo sachepa chifukwa choti inu mwagula simenti yamphamvu. Chilichonse chimene mwatulutsa chimasiya malo, malowo ayenera kudzazidwa. Kuti tione bwino tisandutse makilogalamu akhale malita enieni, opanda mipata ya pakati. Lita imodzi ya simenti ya 32.5 yosakaniza ndi laimu, itati ikhale yopanda mpweya pakati, imalemera pafupifupi makilogalamu 3.0, ya 42.5 pafupifupi 3.1, mwala wa kwale 2.7, mchenga 2.65. Miyala tiike makilogalamu 1,050, omwe ndi malita 389. Mpweya umene umatsalira ngakhale mutagwedeza bwanji ndi poka tiupatse malita 20.

Ndi simenti ya 32.5, makilogalamu 400 akutenga malita 133. Onjezani madzi 200, mpweya 20, miyala 389, zikukwana 742. Otsala ndi malita 258, amenewo ndi a mchenga, makilogalamu 684. Ndi ya 42.5, makilogalamu 335 akutenga malita 108 okha. Patseguka malo a malita 25, ndipo mchenga ukukwera kufika makilogalamu 750. Mwachotsa simenti yolemera makilogalamu 65, mwabwezera mchenga pafupifupi wolemera chimodzimodzi.

Mukaiwala kubwezera, mudzadziwira pa ngodya yomaliza. Malita 25 kuchulukitsa ndi 12 ndi malita 300, mawilibala pafupifupi asanu a konkire. Dzuwa likulowa, matumba amene munawerengera atha, ngodya ikadali zitsulo zokhazokha. Tonse tikudziwa zimachitika pamenepo: wina amasesa zotayikira pansi, wina amathira madzi, wina amakumba mchenga wa m'mbali mwa mulu wosakanikirana ndi dothi. Ngodya imeneyo ndi imene imadzadontha mvula yachitatu.

N'chifukwa chiyani tabwezera mchenga osati miyala? Chifukwa chimene tachotsa ndi chinthu chosalala. Simenti sikuti imangomata. Ndiyo imapatsa konkire mafuta, kuti iterere pa fosholo n'kutsekeka bwino pansi pa chipande. Mukaichepetsa n'kudzazamo miyala, konkire imakhala yokhakhala, miyala imathawa phala, madzi amayandama pamwamba, ndipo pochotsa matabwa mumapeza mphako m'munsi mwa mabimu. Ngati mchenga wanu wa mumtsinje ndi wamiyalamiyala kwambiri, sakanizani ndi wosalalako pang'ono, koma wopanda dothi.

Pamalo antchito sitiyenda ndi makyubiki mita, timayenda ndi thumba ndi ndowa. Tengani ndowa ya malita 20 imene muzigwiritsa ntchito, muidzaze mchenga wa pamulu wanu, musalaze pamwamba ndi thabwa, muyeze pa sikelo. Muchitenso ndi miyala. Nthawi zambiri mchenga wachinyezi umatuluka cha m'ma makilogalamu 27, miyala cha m'ma 29. Ndi ndowa yotere, thumba limodzi la 32.5 likulandira ndowa 3 za mchenga, 4 ndi theka za miyala ndi malita 25 a madzi. Thumba la 42.5 likulandira ndowa 4 za mchenga, 5 ndi theka za miyala ndi malita 30. Lembani zimenezi ndi makala pa thabwa, mulikhome pafupi ndi makina osakanizira, ndipo simenti ikasintha thabwalo lisinthe tsiku lomwelo. Za wilibala yodzaza mpaka kutumba, lero ya mnyamata wamphamvu, mawa ya wofooka, ndinaziona zokwanira. Si muyeso umenewo.

Madzi aja ndatchula si onse ochokera mu mgolo. Mchenga umabwera ndi ake. Tengani kilogalamu imodzi ya mchenga wa pakati pa mulu, muukazinge pa chiwaya mpaka uume, muuyezenso. Ukatsala magalamu 950, ndiye kuti muli madzi pafupifupi 5 pa 100. Pa thumba la 42.5 mchenga ndi makilogalamu 112, choncho malita 5 kapena 6 alowa kale mu makina musanatunge. Mu mgolo mutunge 24, osati 30. Mukatunga 30, w/c yanu yafika 0.71, ndipo ndalama yonse imene munawonjezera pogula 42.5 yapita ndi madzi. Mvula ikagwa usiku kazinganinso m'mawa. Anthu amaseka akaona kapitawo ali pa mbaula ndi chiwaya cha mchenga, asiyeni aseke.

Tibwere ku mankhwala. Alipo a mitundu yambiri, ochedwetsa kuuma, ofulumizitsa, olowetsa mpweya, otchinga madzi, koma ndikhala pa amodzi amene mungakumane nawo kwambiri, ofewetsa konkire, amene timawatcha pulasitisaiza. Akale kwambiri ndi amadzimadzi oderako ngati manyuchi, ochokera ku zotsalira za m'mafakitale a mapepala. Ntchito yawo ndi iyi. Simenti ikakumana ndi madzi timibulu take timakonda kuunjikana m'timagulu, n'kutsekera madzi pakati, madzi amene sathandizanso kuti konkire iyende. Mankhwala amakuta kambulu kalikonse kuti tizikankhana, timagulu timamwazika, madzi otsekeredwa aja amamasuka. Konkire imafewa popanda kuwonjezera dontho. Amtundu wamba amachepetsa madzi ndi 5 pa 100 kapena kuposerapo. Amphamvu, masupa, amayambira pa 12 pa 100 n'kumakwera.

Tinene kuti athu achepetsa 10 pa 100. Malita 200 asanduka 180. Phindu limeneli mungalidye m'njira zitatu, koma mumasankhapo imodzi. Mutha kusiya madzi ndi simenti monga zinalili, n'kupeza konkire yoyenda kwambiri, yabwino m'mizati yopapatiza yodzaza zitsulo, mphamvu siyisintha. Mutha kuchotsa madzi okha, simenti ikhale 335, w/c itsike kufika 0.54, konkire ilimbe kuposa kale. Kapena mutha kuchotsa zonse ziwiri kuti w/c ikhalebe 0.60: malita 180 kugawa ndi 0.60 ndi makilogalamu 300, matumba 6 ndendende, 72 pa silabu yonse. Wogulitsa akakuuzani kuti mankhwala ake amafewetsa, amalimbitsa komanso amapulumutsa simenti, sakunama, koma sakukuuzani kuti n'chimodzi pa nthawi imodzi. Cholakwika chimene ndimachiona kwambiri ndi chachinayi, chimene palibe buku limachivomereza: kuchotsa simenti n'kusiya madzi onse 200. Pamenepo w/c ndi 0.67, konkire ikuyenda ngati thobwa, aliyense akukondwa, makyubu adzalira.

Titsate njira yachitatuyo. Simenti ya makilogalamu 300 ikutenga malita 97 m'malo mwa 108, madzi atsika ndi 20, choncho patsegukanso malo a malita 31. Ulendo uno tigawa pakati, chifukwa mchenga tinaukweza kale ndipo mchenga wochuluka umadzutsanso ludzu la madzi. Miyala ikwere kufika makilogalamu 1,090, mchenga ufike cha m'ma 790. Pa thumba limodzi ndi ndowa pafupifupi 5 za mchenga, 6 ndi kota za miyala, ndi malita 30 a madzi, kuchotsapo a mumchenga, amene tsopano ndi ochulukirapo chifukwa mchenga wachuluka. Mwaona kuti madzi pa thumba sanasinthe; chasintha n'chakuti thumba limodzi likusenza mchenga ndi miyala yambiri. Onaninso ngati makina anu angakwane mtanda waukulu chotero. Makina ang'onoang'ono amene amanyamula bwino mtanda wa 32.5 amasefukira ndi uwu, ndipo osakanizira akaona zikusefukira amadzichepetsera okha ndowa osakuuzani.

Muyeso wa mankhwala umatsata simenti. Sutsata madzi, sutsata makina, sutsata kukula kwa silabu. Pa chigubu pamalembedwa, mwachitsanzo, theka la lita pa makilogalamu 100 a simenti. Ndiye kuti mamililita 250 pa thumba, lita imodzi ndi theka pa kyubiki mita yathu. Mukachoka pa matumba 6 kubwerera pa 8, mankhwala pa kyubiki mita akwera kufika malita 2, koma pa thumba ndi 250 yemweyo. Dulani botolo lapulasitiki pa mzere weniweni wa muyesowo, kuti likadzaza ndiye muyeso, munthu asamachite kuyang'ana mizere ndi maso a fumbi. Mankhwalawo asungunulidwe m'madzi osakanizira. Asathiridwe pa simenti youma kapena pa mchenga wouma, chifukwa amamweredwa pamalo amodzi. Ndipo akakhala ochuluka, kupitirira malita 3 pa kyubiki mita monga zimakhalira ndi masupa ena, madzi ali m'mankhwalamo muwawerengere pamodzi ndi a mu mgolo.

Ndinaonapo zotsatira za kuphonya muyeso umenewu, ulendo uno ndili wamkulu ndithu. Botolo lodula linasowa, mnyamata wa pa makina anatola la theka la lita n'kumathira lodzaza pa thumba lililonse, kawiri muyeso wake. M'mawa mwake ndinakwera pa silabu, ndinakanikiza ndi chala, chala chinalowa ngati mu nsima ya dzulo. Mwini ntchito anafuna tiyambe kukumba pompo. Ndinamupempha kuti tidekhe, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Mankhwala oderawa akachuluka amachedwetsa simenti kugwira, koma kawirikawiri saipha. Tinafunditsa silabu ndi mapepala apulasitiki kuti isaume ndi dzuwa isanagwire, tinaletsa aliyense kupondapo, ndipo tsiku lachitatu inali italimba. Matabwa tinawasiya masiku owonjezera mpaka makyubu atatiuza kuti yakwana. Tinapulumuka, koma sindikulonjezani kuti mudzapulumuka nthawi zonse, pakuti mankhwala ochuluka amalowetsanso mpweya, ndipo mpweya wowonjezera wa 1 pa 100 umadya mphamvu pafupifupi 5 pa 100.

Mpweya womwewu ndi umene umandichititsa kudana ndi chizolowezi cha sopo waufa. Ndikudziwa ena mumawaza kadzanja mu matope kuti afewe, ndipo amafewadi. Amafewa ndi thovu, thovu lopanda muyeso. M'matope omangira mpanda wa nkhuku mwina simudzaona kanthu. Mu bimu kapena mu mzati, musayerekeze. Chenjeraninso ndi mankhwala ofulumizitsa kuuma amene ali ndi kolorayidi: amadyetsa zitsulo dzimbiri, sayenera kulowa mu konkire ya zitsulo. Ndipo thumba la shuga lisayandikire mulu wa mchenga, chifukwa masupuni ochepa pa thumba la simenti amakwanira kuichedwetsa maola angapo.

Mankhwala ndi simenti zimafunanso kudziwana. Muyeso umene unayenda bwino ndi simenti ya fakitale ina ukhoza kuchita zina ndi ya fakitale ina, ngakhale nambala ya pathumba ili yomweyo: konkire kufewa bwino mu makina koma n'kuuma khosi pa mphindi 20, kapena kutaya madzi pamwamba. Masupa amakono amavutika kwambiri ndi dothi la mumchenga, limawameza asanagwire ntchito. Kutentha nakonso kumalowererapo. Muyeso woyesedwa ku Dedza mwezi wa Juni sungayende chimodzimodzi ku Nsanje mwezi wa Okutobala, kumene konkire imalimba mu wilibala isanafike pothira. Choncho simenti ikasintha, mankhwala ayesedwenso.

Kodi kuchepetsa simenti kumalekera pati? Wina anganene kuti ndi 52.5 ndi supa tingatsike mpaka matumba 4. Pa mphamvu yokha mwina masamu angalole, koma mphamvu si zonse. Zitsulo za mkati zimatetezedwa ku dzimbiri ndi phala lothithikana la simenti lozizinga. Phala likachepa kapena likakhala lamadzi, mpweya ndi chinyezi zimalowa pang'onopang'ono, ndipo pakapita zaka konkire imayamba kusweka motsata zitsulo. N'chifukwa chake pepala la injiniya limakhala ndi manambala ena awiri pambali pa 25 MPa ija: simenti yosayenera kuchepera pamenepo, ndi w/c yosayenera kupitirira pamenepo. Pepala likati simenti isachepere makilogalamu 300, silabu yathu yafika pamalire, palibenso chochotsa. Likati w/c isapitirire 0.55, monga zimakhalira pa thanki ya madzi kapena konkire yokhala panja, ndiye kuti 0.60 yathu yagwa ngakhale mphamvu ikukwana, ndipo malita 200 afuna makilogalamu osachepera 364 a simenti, kaya ndi ya gulu liti. Pa ntchito yotere simenti yamphamvu siyikupulumutsirani matumba ambiri; mankhwala ochepetsa madzi ndi amene amathandiza.

Pa matope omangira njerwa ndi pulasitala masamu amenewa musawatengereko. Kumeneko chofunika ndi kumata ndi kusalala, ndipo simenti yamphamvu yochepetsedwa imapereka matope okhakhala ogwa pakhoma. Ya 32.5 ndi yabwino kumeneko, kapena ija yolembedwa 22.5X, imene inapangidwira ntchito imeneyo. Koma ya 22.5X isalowe mu silabu, mu bimu kapena mu mzati, ngakhale mutaonjezera matumba.

Za matabwa ndinene mwachidule. Mukatsika kuchoka pa 42.5 kupita pa 32.5N, ngakhale mutakonza muyeso kuti pa masiku 28 zifanane, masiku oyamba konkire imatsalira m'mbuyo. Mitengo yochirikiza ikhale nthawi yotalikirapo, makamaka mwezi wa Juni ndi Julaye, ndipo kuthirira kusachepere masiku 7. Simenti yosakaniza imalanga kwambiri munthu waulesi pa kuthirira.

Zonsezi zimatsimikizika ndi mtanda woyesera, umene umadya thumba limodzi kapena awiri. Sakanizani ndi muyeso watsopano. Yezani silampu ndi chitini chija cha masentimita 30 m'mwamba: dzazani katatu, ulendo uliwonse mubaye ka 25 ndi chitsulo cha mamilimita 16, zulani chitini mowongoka, muyeze mmene konkire yatsikira. Pa silabu ngati yathu, masentimita 7 kapena 8 ndi abwino. Kenako menyani mbali mwa muluwo ndi chitsulo. Ukamatsika pamodzi ngati nsima yofewa, mchenga wakwana. Ukagumuka miyala n'kumwazika, phala lachepa, chotsani theka la ndowa ya miyala mubwezere mchenga. Ukakhala wouma kwambiri musathire madzi okha. Thirani madzi ndi simenti pamodzi mwa muyeso wake. Thiraninso mtanda wonse m'bokosi loyezedwa kuti muone ngati thumba likutulutsa malita amene munawerengera: 125 pa muyeso wa 32.5, pafupifupi 150 pa wa 42.5, pafupifupi 167 pa wa mankhwala. Pomaliza umbani makyubu asanu ndi limodzi a masentimita 15, muwasunge m'madzi, atatu akaphwanyidwe pa masiku 7, atatu pa masiku 28. Ku Central Materials Laboratory ku Lilongwe amaphwanya makyubu, ku Blantyre nakonso malabu alipo. A masiku 7 amayenera kufika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu yomaliza, ya 32.5N imatsikirako pang'ono. Pa silabu yathu, mukaona 21 kapena 22 MPa mtima ukhale pansi. Mukaona 14, imani, musathire.

Wina afunsa kuti, nanga simenti ikatha pakati pa silabu monga zinatichitikira ife, masiku 7 tiwatenga kuti? Yankho lake ndi kukonzekera miyeso iwiri ntchito isanayambe, wa 42.5 ndi wa 32.5, yonse yoyesedwa, matabwa onse awiri ali pafupi ndi makina. Ngati simunatero ndipo galimoto yafika ndi 32.5, imbirani injiniya foni. Akapanda kupezeka, tsitsani madzi afike malita 25 pa thumba kuphatikiza a mumchenga, chotsani ndowa imodzi ya mchenga ndi imodzi ya miyala, tumizani galimoto ikatenge matumba owonjezera, umbani makyubu a mbali imeneyo paokha, ndipo mulembe ndi penti pa matabwa pamene simenti yatsopano yayambira.

Mawa mukafika kuntchito, musanatsegule thumba loyamba, litembenuzeni muwerenge nambala ndi chilembo chake, muyerekeze ndi zimene zili pa thabwa la pa makina. Zikasiyana, makina asalire kufikira mutakonza thabwalo.